Mafunso Atatu a Atelala

Pa koleji ya aphunzitsi ija panalibe ankamuitana dzina lake. Onse ankangoti Atelala, chifukwa asanabwere kudzaphunzira uphunzitsi anatha zaka khumi ndi chimodzi akupalasa makina osokera pakhonde la sitolo ya mlamu wake. Ngakhale m'kalasi, akayamba kuganiza, phazi lake linkapalasa lokha pansi pa desiki ngati pali nsalu yoti ithe. Anali wamkulu kwa anzake onse ndi zaka zoposa khumi, ndipo mwana wake wamkazi anamusiya kwa akulu ake. Anthu awiri amenewa ankadikira tsiku limodzi lokha, loti Telala avale gauni n'kulandira satifiketi.

Teremu yomaliza, atabwerako ku pulakatisi kumene aliyense anakaphunzitsa ana enieni kwa masabata khumi ndi awiri, panali phunziro la Lachinayi m'mawa. Linkachitikira m'chipinda chakumapeto kwa khonde, cha mipando yosiyana kutalika ndi fani imene inasiya kuzungulira kalekale. Mphunzitsi wake anali mayi wamfupi wovala nsapato zopanda chidendene, amene ophunzira anawatcha Mayi Chifukwa. Ukati kunja kwatentha, iwo ankati, "Chifukwa chiyani?" Ukayankha, ankafunsanso.

Kachitidwe kake kanali kotere. Wophunzira aliyense ankapatsidwa pepala la maganizo a akatswiri pa za kaphunziridwe ka ana, masamba angapo a fotokope yofufuma ngati yanyowa ndi mvula. Ankaliwerenga, kulifotokoza kwa anzake mphindi khumi, kenako kuwafunsa mafunso atatu oti akambirane. Lamulo linali limodzi: funso lililonse lichokere m'kalasi mmene iweyo unaphunzitsa. Mafunsowo ankayamba apita kwa Mayi Chifukwa Lolemba kuti awaone.

Pepala la Telala silinali lovuta. Linkanena kuti pali zimene mwana amatha kuchita yekha, pali zimene sangathe ngakhale umuthandize, ndipo pakati pake pali zimene angathe ngati wina wodziwa ataima pambali pake n'kumuthandiza pang'ono. Kuphunzira kumachitikira pakati pamenepo. Thandizolo lisakhale lomuchitira, ndipo lizichepa mpaka mwanayo aime yekha. Telala anamva msanga. Anati mumtima, uwu ndi ulusi wogwiriza, umene umasoka motalikitsa kuti nsalu isasunthe, ukamaliza msoko weniweni n'kuusolola.

Mafunso ndiye analemba mwachangu. Kodi ubwino wothandiza ana ndi wotani? Mphunzitsi amakumana ndi mavuto anji m'kalasi la ana ambiri? Makolo angathandizepo bwanji? Lachiwiri masana anaitanidwa ku ofesi.

Mayi Chifukwa anali atakhala pakati pa milu ya mafayilo, kapu ya tiyi wozizira ili pamwamba pa mulu wina. Anamukankhira pepala lake. Linali lofiira ndi bolopeni.

"Atelala, mafunso awa angafunse ngakhale dalaivala wathu wa koleji, amene ana amangowaonera pawindo la galimoto. Inuyo muli pati m'menemu?"

"Ndimayesa ndi okhudza kalasi, mayi."

"Kalasi la ndani? Mwana wake ndi uti? Linali tsiku liti?" Anavula magalasi. "Chondidabwitsa n'chakuti inu ndi amene muli ndi nkhani yabwino kuposa onse. Mwaiwala tsiku ndinabwera kudzakuonani? Mtsikana wa juzi yobiriwira uja. Analakwa pa bolodi, inu simunamukhazike pansi, simunamuuze yankho. Munadikira, munamupatsa timitengo, munamufunsa kafunso kamodzi. Ndazungulira masukulu zaka zambiri, zimenezo ndaziona kochepa. Ndinakupatsani 82, ndipo ine sindimwaza mamalikisi ngati chimanga cha nkhuku. Lachinayi mukawauze anzanu mmene munaganizira kuchita zimenezo. Mafunso anu achokere pamenepo. Musavutikenso kundibweretsera, ndidzawamvera konko."

Telala anathokoza, anatuluka.

Ku hostelo anapeza mnzake wa chipinda chimodzi akusita. Mtsikanayu ankamutcha Wayilesi, chifukwa ankayamba kulankhula maso asanatseguke.

"Nkhope imeneyo bwanji, amayi? Akufunsani chifukwa chimene munabadwira?"

"Akufuna ndikanene za mtsikana wa juzi."

"Ndiye vuto lili pati? Mwana amene anakupatsani 82? Ine akanandipatsa 82 ndikanamusokera juzi ina."

Telala anakhala pabedi, anavula nsapato. Maganizo ake anali atabwerera kale ku sukulu ija.

Inali kumene minibasi imathera, kuseri kwa malo ocheka matabwa, moti ana ankabwera ndi utuchi m'tsitsi. Belu lake linali chitsulo cha gudumu la lole chopachikidwa pamtengo. Kalasi lachinayi linali ndi ana 68, madesiki 19, ndi bolodi lokhala ndi chigamba chotuwa pakati pamene choko chinkakana, moti polemba unkachizungulira ngati chithaphwi. Mazenera analibe magalasi. Mphepo ikawomba, matchati amene Telala anajambula ankauluka, ndipo ana ankathamangira kuwatola mokondwa kuposa mmene ankawawerengera. Sabata yoyamba anasoka batani la mwana mmodzi pa nthawi yopuma. Sabata yachiwiri panali mzere. Ankabwera ndi mabatani m'manja, matumba othothoka, zipi zokana, n'kuima mwakachetechete kuyang'ana singano. Mpaka pano, akamva fungo la matabwa ongocheka kumene, ankamva mawu awo a m'mawa uja, okoka ngati nyimbo: "Mwadzuka bwanji, aphunziiitsi!"

Mwini kalasilo anali mayi wa zaka makumi atatu pa ntchito, amene ankayenda ndi dasitala m'chikwama chake cha m'manja chifukwa akaisiya pa bolodi inkasowa. Sukulu yonse inkawatcha Mayi Dasitala. Anamulandira Telala ngati mwana wawo. Anamuphunzitsa kuima pakona pamene umaona ana onse, kutsitsa mawu phokoso likakwera m'malo mokuwa, kudula choko pakati kuti chisalire pa bolodi. Ankagawana naye chakudya cha masana pa desiki imodzi, uku akumuuza mbiri ya mwana aliyense, wa kwa ndani, amadwala chiyani, amagona ndi njala liti. Zimene koleji inalephera kumulowetsa m'mutu m'chaka chathunthu, mayiwa ankamuuza ali kutsuka kapu.

"Amayi, mwapita kuti?" anatero Wayilesi. "Ndikulankhula ndi chikhoma?"

"Zima simbiyo, ukhale pansi. Koma pakamwa pakopo utseke."

Ndipo anamuuza. Uthenga unabwera Lolemba kuti a ku koleji adzafika Lachitatu. Lachiwiri Mayi Dasitala anati phunziro la mawa liphunzitsidwe lero, masamu ake omwewo, kuti ana ena agwire mayankho. Atatha anaima kutsogolo n'kuuza kalasi: "Mawa kubwera alendo. Aphunzitsi akafunsa, aliyense akweze mkono. Wodziwa yankho, wamanja. Wosadziwa, wamanzere. Wosakweza tidzaonana." Telala anayesa kunena kuti mwina si bwino. Mayiwo anangomusisita paphewa. "Mwana wanga, iwowo amabwera kudzaona mikono. Apatse mikono. Kuphunzitsa kwenikweni tidzapitiriza akapita."

Wayilesi anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Imeneyo ndiye nkhani? Amayi, kwathu tinabisa ana asanu ndi awiri ku laibulale tsiku limenelo! Nanga wa juziyo analowamo bwanji?"

"Lachiwiri sanabwere. Za mikonozo anangomva kwa anzake. Lachitatu ndinalemba 52 kuchotsa 27, mikono yonse m'mwamba ngati nkhalango. Mayi Chifukwa ali kumbuyo ndi fayilo. Ine thukuta lili kamukamu. Ndinayang'ana kudzanja langa lamanja, ndinaona mkono, ndinaloza."

Wayilesi anakuwa. "Ayi! Mutayang'anizana nawo? Lamanja lanu ndi lamanzere lawo!"

"Ndinazindikira mwana ataimirira kale."

"Telala wa zaka khumi ndi chimodzi! Makasitomala anu ankayenda ndi malaya a mikono yosinthana?"

Telala naye anaseka, koma pang'ono. Anamuonanso mtsikanayo m'maganizo mwake, wamng'ono, juzi yobiriwira yotha m'zigongono ngakhale kunkatentha, akuyenda kupita ku bolodi ngati wopita kukabayidwa jakisoni. Analemba 35. Pa 2 ndi 7 anangochotsa yaing'ono pa yaikulu, monga amachitira ana ambiri. Kalasi lonse linati "Iii!" chapansipansi. Kumene Mayi Chifukwa anatcha kudikira, Telala anali atauma ndi mantha, mutu mulibe kanthu. Atasowa chochita anatenga timitengo towerengera pa tebulo, mitolo isanu ya khumikhumi ndi tiwiri tapadera, n'kumupatsa. "Chotsapo tisanu ndi tiwiri pa tapaderati." Mwanayo anayang'ana tiwirito nthawi yaitali. "Sitikwana." "Nanga tipeze kuti tina?" Anayang'ana mitolo, anayang'ana aphunzitsi, ndipo pang'onopang'ono anamasula mphira pa mtolo umodzi. Anapeza 25. Samu yachiwiri anachita ndi timitengo popanda kufunsidwa kanthu. Yachitatu analemba pa bolodi timitengo tili pa tebulo. Belu linalira phunziro lisanafike kumapeto, ndipo Telala ankaganiza kuti walephera.

"Ndiye mwaona," anatero Wayilesi akupukuta misozi. "Munaphunzitsa zenizeni. Lachinayi mukangodula mutu wa nkhaniyo, muyambire pamene mwana waimirira. Ndani adziwe?"

"Andifunsa chifukwa chimene ndinamusankhira."

"Mudzati munaona m'maso mwake kuti akufuna thandizo. Amakonda zoterozo." Anatsitsa mawu, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. "Amayi, musachite zopusa. Mukudziwa zimene zili m'kabuku ka malamulo. Kukonzeratu ana pa tsiku loyesedwa ndi kubera. Akhoza kufufuta pulakatisi yonse. Tatsala ndi masabata asanu basi. Diresi lija mwalimaliza kale, akulu anu auza mpingo wonse."

Diresilo linali pa hang'ala kuseri kwa chitseko, la buluu, losokedwa pamanja madzulo ambiri. Telala analiyang'ana.

Lachitatu masana anakhala mu laibulale ndi pepala lija. Analemba mafunso a mtundu umene Wayilesi ananena, ndipo anatuluka bwino, osalala. Anawawerenga kawiri. Kenako anabwerera ku pepala la akatswiri, pa ndime imene inkati mphunzitsi sangathandize mwana ngati sakudziwa pamene mwanayo waima. Phazi linayamba kupalasa. Anakumbukira chinthu chimene sanauze Wayilesi: tsiku lija, atazindikira kulakwa kwake, anayang'ana kalasi bwinobwino n'kuona mikono yamanzere. Inali yambiri kuposa yamanja, pa phunziro lophunzitsidwa dzulo lake. Masabata asanu ndi anayi anali akufunsa "Mwamva?" ana n'kumati "Eee!" Anatembenuza pepala, analemba mafunso ena atatu kuseri kwake. Anapita ku kalasi Lachinayi asanasankhe mbali yoti awerenge.

Chipinda chinali chodzaza, ophunzira makumi atatu. Mayi Chifukwa anakhala pampando wawo wa pafupi ndi zenera, fomu ya mamalikisi pamwendo. Telala anafotokoza pepalalo m'mphindi zisanu ndi zinayi. Anajambula mizere itatu pa bolodi, ananena za ulusi wogwiriza, anthu anagwedeza mitu. Mnyamata wina wovala tayi masiku onse, amene ankamutcha Abusa, anati, "Ameni."

"Zamveka," anatero Mayi Chifukwa. "Tsopano atiuze za kalasi lawo. Mvetserani bwino nonse, awa ndinawaona ndi maso anga. Atelala, pa mikono yonse ija, munasankha mtsikana uja chifukwa chiyani?"

Wayilesi anamuyang'anitsitsa, akugwedeza mutu pang'ono. Telala anayang'ana mbali yosalala ya pepala. Mawu ake anali pomwepo, okonzeka. Koma kunja winawake ankacheka thabwa lokonzera chitseko cha laibulale, ndipo fungo lake linalowa pazenera. Anatembenuza pepalalo.

"Ndinamusankha molakwitsa, mayi."

Ananena zonse, mosakometsera: phunziro la Lachiwiri, mkono wamanja ndi wamanzere, kusokonezeka kwake, mantha amene anaoneka ngati kuleza mtima. Ena anayamba kuseka pa nkhani ya mikono, koma atayang'ana nkhope ya Mayi Chifukwa kusekako kunazima.

"Funso langa loyamba ndi ili," anatero Telala. "Pepalali likuti kuphunzira kumachitika pa mwana amene sangathe yekha koma angathe atathandizidwa. Ine ndinakonza phunziro lonse kuti ana oterowo ndiwazembe. Koma ngakhale masiku opanda alendo, ndinkaloza okweza mkono msanga, omwe aja asanu ndi mmodzi. Inu m'makalasi mwanu munkaloza ndani, ndipo amene munkamulozayo ankakufunani?"

Sanadikire yankho. Anapitiriza.

"Funso lachiwiri. Pepalali likuti uyambe wadziwa pamene mwana waima. Pa masabata khumi ndi awiri, tsiku limene ana anga anandiuza zoona kuti sakudziwa ndi limodzi lokha, tsiku limene tinkanama. Ankakweza wamanzere mopanda manyazi chifukwa tinawalola. Tingatani kuti mwana anene kuti sakudziwa tsiku wamba, osaopa kusekedwa?

"Funso lachitatu. Mtsikana uja anakhoza masamu atatu mayiwa ali pomwepo. Sabata yotsatira ndinapereka 64 kuchotsa 38 m'makope, iye analemba 34. Anabwerera pomwe anali. Pepalali likuti thandizo lizichepa, koma silikunena kuti liti. Ine ndinasolola ulusi tsiku lomwelo chifukwa ndinaona ngati msoko wagwira. Ndikanadziwa bwanji kuti sunagwire, ndili ndi ana ena 67?"

Anapinda pepala.

Mayi Chifukwa sanamuyang'ane. Anayang'ana kalasi. "Mwamva mafunso. Nthawi ikupita."

Anayamba ndi Abusa, atamasula tayi pang'ono. Anati iye ankaloza a kutsogolo chifukwa mphindi makumi atatu ndi zisanu sizidikira munthu, ndipo ukaloza wosadziwa sikimu, ndondomeko ya zophunzitsa za teremu, imatsalira. Mtsikana wina anamudula: sikimu ikatha ana asanamve, yatha ndi ya ndani? Wina anati kalasi lake ankalemba mayankho pa masileti n'kukweza onse pamodzi, ndipo unkaona olakwa nthawi imodzi popanda kuchititsa mwana manyazi. Wina anati masileti kwawo kunalibe, ankalemba pansi panja. Pa funso lachitatu anakangana kwambiri. Ena ankati masamu atatu otsatizana si umboni, mwana amangotsanzira zimene wangoona, uyenera kumuyesanso patapita masiku. Ena ankati timitengo tikanakhala pa desiki pake sabata yonse, azitisiya yekha. Wayilesi, amene sanakhalepo chete nthawi yaitali chonchi chibadwire, anati mwina mwana amene wangomva kumene ndi amene angathandize mnzake bwino, chifukwa akukumbukira pamene pankamuvuta. Kenako anawonjezera, osafunsidwa, kuti kwawo anabisa ana ku laibulale. Abusa anatsokomola n'kunena kuti kwawo ana anauzidwa kuti wosadziwa azikweza chibakera. Belu linalira, palibe ananyamuka.

"Kwatha," anatero Mayi Chifukwa. "Atelala, tsalani."

Anthu atatuluka, mayiwo anakhala nthawi akutsekula ndi kutseka bolopeni yawo.

"Ndinalemba mu lipoti kuti ana onse akutenga mbali," anatero. "Ndinadula mzere pansi pake. Ndakhala ndikutchula kalasi lanu kwa aphunzitsi anzanga." Anapuma. "Ndinakhala kumbuyo kwa mikono 68, sindinaone kuti ndi iti. Mwandipusitsa, ndipo zikundiwawa. Anakuphunzitsani zimenezi ndani?"

"Amene anaima kutsogolo ndine, mayi."

"Sindinafunse zimenezo."

"Ndamva, mayi."

Anayang'anizana. Mayi Chifukwa anayamba ndi iwo kuyang'ana kumbali.

"82 ija yapita. Sindingaisiye, ndipo sindingabise, mwanena pamaso pa anthu makumi atatu. Anzanu aja anena za masukulu awo, osati za manja awo, ndipo si ine ndinawayesa. Inu mwanena zanu. Ndikalemba ku komiti. Ndikapempha kuti asafufute pulakatisi yonse, mubwerere komweko masabata anayi teremu ikubwerayi, ndidzabwere tsiku limene simukulidziwa. Akavomera, satifiketi mudzalandira, koma osati pamodzi ndi anzanu."

"Ndamva."

"Za lero ndakupatsani 90. Musasekerere, sizikufafaniza zinazo." Anatola fayilo yawo. Pakhomo anatembenuka. "Mukanatha kungokhala chete. Chifukwa chiyani?"

Telala anaganiza. "Mafunso enawo ndinali nawo, mayi. Koma mayankho ake sindinkawafuna. Awa ndikuwafuna."

Komiti inavomera. Tsiku la magauni Telala anakhala pa benchi ya alendo, ataphimba mutu ndi pulogalamu chifukwa cha dzuwa, n'kuimbira Wayilesi nthungululu mpaka mawu kusasa. Akulu ake sanamulankhule masabata awiri. Atayamba kulankhula anati, "Anzako amabera n'kukhala chete, iwe umabera n'kukaitanitsa msonkhano." Mwana wake anangofunsa ngati diresi la buluu lingamukwane iyeyo.

Teremu itatsegulidwa anakwera minibasi mpaka kumene imathera. Utuchi unali pomwepo, chitsulo cha gudumu chili pamtengo. Ana aja anali atakwera kalasi lachisanu, ndipo a hedi anamupatsa omwewo. Atamuona pakhomo anakuwa osadikira kulonjera, ndipo pa nthawi yopuma mzere wa mabatani unafika panja. Mayi Dasitala anamvetsera nkhani yonse akupukuta kapu.

"Unanditchula?"

"Ayi."

"Chitsiru," anatero, n'kumukankhira theka la chakudya chawo. "Idya. Waonda."

Tsiku loyamba lomwelo Telala anauza ana kuti lamulo la mikono labwerera, koma tsopano ndi la masiku onse, kaya kuli alendo kaya kulibe. Wamanzere si mlandu, ndi kuitana aphunzitsi. Masiku oyamba mikono yonse inali yamanja, ndipo olozedwa ankangoyang'ana pansi. Woyamba kukweza wamanzere anali mtsikana wa juzi, imene tsopano inali ndi zigamba ziwiri m'zigongono, zosokedwa ndi Telala. Palibe anaseka, chifukwa Mayi Dasitala anali atakhala pakhomo ndi maso awo aja. Sabata yachiwiri yamanzere inali ingapo. Timitengo tinkakhala m'chitini pa desiki yakutsogolo, wofuna ankakatenga yekha.

Mayi Chifukwa anafika Lachisanu la sabata yachitatu, mvula ikuwaza, matchati atanyowa, ana khumi ndi anayi atajomba. Sanakhale kumbuyo. Anakoka mpando n'kukhala kutsogolo pakona, moyang'anizana ndi ana. Telala analemba samu pa bolodi, anafunsa, mikono inakwera yosakanikirana. Anagwira kaye mkono wake wamanzere ndi dzanja linalo kuti atsimikize mbali, n'kuloza mwana wa pa desiki yachitatu amene anakweza wamanzere. Mwanayo anavutika nthawi yaitali, ndipo belu linalira atangofika pakati pa samu yachiwiri.

Anapatsidwa 64. Pansi pa fomu panalembedwa ndi bolopeni yofiira kuti sasunga nthawi, ndiponso kuti amathandiza msanga mwana asanayese mokwanira. Satifiketi inabwera mu envulopu patapita miyezi itatu, popanda gauni. Akulu ake anaiika mu fulemu pabalaza. Fomu ya 64 ija Telala anaipinda pamodzi ndi pepala la mafunso atatu, n'kuziika m'kabokosi ka makina ake osokera, mmene amasungira singano.